ease-out, ease-in kapena linear: ndi iti yoyenera menyu yotsetsereka?

Mwezi watha ndinkakonza webusaiti ya malo ena ogona alendo ku Katoto. Menyu yake ndi yotuluka chakumanzere, mulifupi mwake mapikiselo 280. Mwini malowo atayiyesa pa foni yawo anangoti, "Achimwene, ikutseguka ndithu, koma ikubwera ngati chitseko chokankhidwa ndi mphepo." Sanalakwitse. Nthawi ndinaika yabwino, mamilisekondi 300, koma kagawidwe ka liwiro m'kati mwa nthawiyo ndi komwe kanali kolakwika.

Ndinali nditaika `linear`. Imeneyi imayenda liwiro limodzi kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ndiye theka la nthawi likatha menyu imakhala pa mapikiselo 140, kenako nkudzangoima mwadzidzidzi. Wakabaza wotsika nanu kupita mumsika wa Mzuzu saima chotero, amayamba kugwira mabuleki akadali chapatali. Maso athu anazolowera zimenezo, n'chifukwa chake `linear` imaoneka youma. Ndimaisungira kachizindikiro kozungulira kosonyeza kuti tsamba likutseguka, osati menyu.

Mpikisano weniweni uli pakati pa `ease-in` ndi `ease-out`, ndipo mayinawa amasokoneza anthu ambiri. Munthu amaganiza kuti poti menyu ikulowa, aike `ease-in`. Ayi ndithu. Iyoyo imanyamuka pang'onopang'ono nkumathamanga kumapeto: pofika theka la nthawi, menyu imakhala itangotuluka mapikiselo pafupifupi 88. Wadina batani uja amaona ngati foni yagwira, mwina nkudinanso kachiwiri, menyu nkubwerera isanafike. Pomwe `ease-out` imanyamuka mwamphamvu, pa theka la nthawi ili kale pa mapikiselo pafupifupi 192, ndipo mtunda wotsalawo imaumaliza mofatsa mpaka kukhazikika. Chala chikangodina, yankho likuoneka pompo. Potsegula, ine ndili kumbali ya `ease-out` mosakayika.

Potseka m'pomwe `ease-in` imapeza ntchito. Munthu wathana nayo menyu, safunanso kuonerera ikuima bwino. Inyamuke, ithamange, izimiririke, ndipo kuima kwake kwadzidzidzi kuja kumachitikira kunja kwa sikirini komwe palibe akuona. Nthawi yake ndimaichepetsanso.

```css
.menyu {
  transform: translateX(-100%);
  transition: transform 200ms ease-in;
}
.menyu.yotseguka {
  transform: translateX(0);
  transition: transform 280ms ease-out;
}
```

Apa pali msampha womwe unandidyera madzulo athunthu. Burawuza imatsata `transition` ya komwe chinthu chikupita, osati komwe chikuchokera. Choncho yolembedwa mu `.yotseguka` ndi yomwe imalamulira kutseguka, ndipo ya mu `.menyu` imalamulira kutseka. Mukazisinthanitsa, menyu imazengereza potuluka nkumakwawa pochoka.

Nanga `ease`, yomwe burawuza imaika yokha mukapanda kutchula kanthu? Siyoipa, ndisaname. Imayamba mofewa kanthawi kochepa, nkuthamanga, moti pa theka la nthawi yadutsa kale magawo 80 pa 100 alionse a ulendo. Ngati mukufuna mzere umodzi wogwira kutsegula ndi kutseka komwe, tengani imeneyi. Koma `ease-in-out` ndimaikana pa menyu: imazengereza koyamba ndi komaliza komwe, ndipo imakomera chinthu chomwe chili kale pa sikirini nkumasuntha kuchoka apa kupita apo.

Ena amakonda yodumphira, monga `cubic-bezier(0.34, 1.56, 0.64, 1)`. Nambala yoyamba ndi yachitatu ziyenera kukhala pakati pa 0 ndi 1, koma yachiwiri ndi yachinayi zikhoza kupitirira, ndipo 1.56 ameneyo ndi amene amachititsa menyu kudutsa malo ake nkubwerera. Pa kabatani zimasangalatsa. Pa menyu yomatirira m'mphepete, ikadutsa malire imasiya mpata kumanzere, tsamba la kumbuyo nkuonekera ngati chitenje chang'ambika. Ndinaiyesa kamodzi, ndinaichotsa tsiku lomwelo.

Kuti muone kusiyanaku ndi maso anu, tsegulani DevTools mu Chrome, pitani pa Animations, muike liwiro pa 10%. Mukaona menyu ikuyenda modukizadukiza, makamaka pa mafoni otsika mtengo omwe alendo ambiri amagwiritsa ntchito, musathamangire kusintha mayinawa. Onani kaye ngati mukusuntha `left` m'malo mwa `transform`, chifukwa `left` imakakamiza burawuza kuwerengeranso malo a zinthu pa tsamba nthawi iliyonse menyu ikasuntha.

Ya ku Katoto ija ndinaimaliza ndi `cubic-bezier(0, 0, 0.2, 1)` potsegula, yomwe ndi `ease-out` yonyamuka mwamphamvu koposa, yofika mapikiselo pafupifupi 235 pa theka la nthawi. Potseka ndinasiya `ease-in` ya mamilisekondi 200. Mwini malo uja anaitsegula nkuitseka kangapo, kenako nkuyamba kundifunsa za zithunzi za zipinda.