Lamba wa pachifuwa kapena wotchi ya pamkono: ndi chiti chimanena zoona mtima ukamathamanga?

Anzanga a m'gulu lathu lothamanga akhala akundifunsa funso limodzimodzi chiyambire kundiona ndikumanga lamba pachifuwa pomwe wotchi ili kale pamkono. Amati, "Achimwene, wotchiyo siyeza kale mtima? Lambayo ndi wachiyaninso?" Ndayankha kambirimbiri pabwalo tikupuma wefuwefu, koma mayankho a pamenepo sakwana. Lero ndifotokoze bwinobwino, chifukwa wotchi inandipusitsa kwa milungu itatu ndipo zimandiwawabe.

Munali mu Juni, m'mawa kukuzizira kolumitsa mano. Pulogalamu yanga inali yothamanga mamita 800 kasanu ndi kamodzi, ulendo uliwonse pafupifupi mphindi 3 ndi masekondi 20, kenako kupumula mphindi ziwiri ndikuthamanga pang'onopang'ono. Lamulo lomwe ndinkatsata linali loti ndisayambe ulendo wotsatira kugunda kwa mtima kusanatsike kufika pa 130 pa mphindi. Ndiye ndimamaliza mamita 800 aja, ndiyang'ana pamkono, 176. Ndithamanga pang'onopang'ono mphindi imodzi, 161. Mphindi ziwiri, 160. Mphindi zitatu, 160 yomweyo, ngati yakhomeredwa ndi msomali. Thupi likundiuza kuti ndapumula, ndikutha kuyankhula chiganizo chathunthu osadukiza, koma nambala ikukana kutsika. Ndinakhulupirira nambala. Ndinayamba kutalikitsa nthawi yopumula, kenako ndinachepetsa maulendo kukhala anayi, kenako ndinasiyiratu sabata yathunthu poganiza kuti ndadzitopetsa mopitirira muyeso kapena malungo akubwera. Mpikisano womwe ndinkakonzekera unandipeza ndisanakhwime.

Amene ananditsegula maso ndi mayi wina wa m'gulu lathu, wothamanga wakale. Anandiimitsa pakati pa nthawi yopumula nkundiuza kuti, "Ikani zala ziwiri pakhosi apa, muwerenge kwa masekondi 15, muchulukitse kanayi." Ndinawerenga 32. Kuchulukitsa kanayi, 128. Wotchi inali itangonena kumene kuti 160.

Kuti mumvetse chomwe chinachitika, muyenera kudziwa kuti zipangizo ziwirizi siziyeza chinthu chimodzi. Mtima ukamagunda umatulutsa mphamvu yochepa ya magetsi, yomwe ija amayeza kuchipatala akakumatani timawaya pachifuwa. Lamba ali ndi tizigawo tiwiri tosalala tomwe timakhudza khungu nkumva magetsi amenewo, ndipo amawerenga nthawi yodutsa pakati pa kugunda kumodzi ndi kunzake. Njirayi ndi yakale: kampani ya Polar ya ku Finland inatulutsa chipangizo chake choyamba chopanda waya cha mtunduwu mu 1982. Wotchi siimva magetsi a mtima pothamanga. Imawalitsa timagetsi tobiriwira pakhungu nkuyang'ana kuwala komwe kwabwerera. Magazi amameza kuwala kobiriwira, choncho mtima ukakankha magazi m'timitsempha ta pamkono, kuwala kobwerera kumachepa pang'ono, kenako nkuwonjezekanso. Wotchi imawerenga kukwera ndi kutsika kumeneko nkulingalira kuti mtima ukugunda kangati.

Kusintha kwa kuwalako ndi kochepetsetsa, ndipo chilichonse chogwedeza wotchi chimasinthanso kuwala. Phazi likaponda pansi, wotchi imanjanja pakhungu, magazi a m'mkono amagwedezeka. Mukamathamanga modekha vuto silikula: mtima uli pa 135, mapazi akuponda ka 160 pa mphindi, ziwirizi zatalikirana, ndipo wotchi ili ndi kachipangizo kena komva kugwedezeka komwe kamaithandiza kupatula za mapazi. Koma pothamanga mwamphamvu mtima umakwera kufika 170 kapena 180, ndipo mapazi a anthu ambiri amaponda kowirikiza chimodzimodzi. Apa wotchi imaona zinthu ziwiri zikugunda pafupifupi limodzi, ndipo kugwedezeka kwa mapazi ndi kwamphamvu kuposa kwa magazi. Imagwira mapazi nkuwatcha mtima. Ikawagwira imakakamira pomwepo ngakhale mutachepetsa liwiro. Ndi zomwe zinandichitikira ine. Pothamanga mwamphamvu mapazi anga amaponda ka 176, pothamanga mopumula ka 160. Manambala omwe ndinkawaopa aja anali a mapazi anga.

Mutha kudzionera nokha pa foni. Tsegulani zomwe wotchi yasunga, muike mzere wa mtima pamwamba pa mzere wa mapazi. Ngati mizere iwiriyo yagonana nkumayenda limodzi, wotchi inasochera. Chizindikiro china ndi maonekedwe a mzerewo: mtima weniweni umakwera mokhota, mofulumira poyamba kenako pang'onopang'ono, ndipo umatsikanso mokhota. Ukadumpha ndi 30 m'masekondi awiri kenako nkuyenda mowongoka ngati tebulo, umenewo si mtima.

Nditagula lamba ndinayesa zonse ziwiri tsiku limodzi. Apa pali msampha: mukalumikiza lamba ku wotchi, wotchi imasiya kuyeza pamkono nkumangoonetsa za lambayo, ndiye palibe chomwe mwayerekeza. Ine ndinalumikiza lamba ku foni kudzera pa Bluetooth, wotchi nkuisiya iziyeza yokha. Pa ulendo wachitatu wa mamita 800, zonse zinayambira pafupi ndi 120. Patatha masekondi 30 lamba anali pa 150, wotchi pa 126. Patatha mphindi imodzi lamba 165, wotchi 139. Cha pakati pa mphindi yachiwiri wotchi inadumphira pa 176 nkukhala pomwepo, lamba akukwera pang'onopang'ono kudutsa 170 mpaka kumalizira pa 179. Popumula, lamba anatsika kufika 129 m'masekondi 90. Wotchi inatsikira pa 160 basi.

Taonani kuti pali zolakwa ziwiri zosiyana pamenepa. Choyamba ndi kuchedwa. Wotchi imasefa manambala ake powaphatikiza kwa masekondi angapo kuti asamadumphedumphe, ndiye mtima ukakwera mwadzidzidzi iyo imatsalira m'mbuyo. Pa ulendo wa mphindi khumi kuchedwako sikusokoneza kwenikweni, koma pa mamita 400, omwe ena timamaliza m'masekondi 90, theka la ulendo limatha wotchi isanakupezeni. Chachiwiri ndi kugwira mapazi kuja. Chimene chimandipweteka kwambiri ndi choti pamapeto pa tsikulo avereji ya wotchi ndi ya lamba zinangosiyana pang'ono, chifukwa pomwe wotchi inachepetsa ndi pomwe inawonjezera zinakwirirana. Munthu wongoyang'ana avereji anganene kuti wotchi yake ndi yolondola.

Kuzizira kwa Juni kunawonjezera vuto. Kukazizira thupi limachepetsa magazi opita kukhungu la manja, ndiye wotchi imakhala ndi zochepa zoti ione. Kufumbata chibakera mwamphamvu kumachitanso chimodzimodzi, nchifukwa chake onyamula zitsulo ndi opalasa njinga m'misewu ya mabampu amadandaula kwambiri. Pali nkhani inanso yotikhudza ife a khungu lakuda: khungu lotere limameza kuwala kobiriwira kochuluka, choncho kobwerera ku wotchi kumakhala kofowoka. Akafukufuku apeza zosiyanasiyana pa kukula kwa vutoli, ena aona kusiyana, ena ayi. Kwa ine chachikulu ndi choti lamba alibe nazo ntchito za mtundu wa khungu, kapena ngati munadzilemba zithunzi za inki pamkono.

Lamba nayenso ali ndi zake, ndipo sindimubisira. Akakhala wouma, mphindi zoyamba amapenga: ndaonapo 215 ndisanayambe nkomwe kutuluka thukuta. Mankhwala ake ndi kunyowetsa tizigawo tosalala tija ndi madzi musanavale. Malaya a nayiloni akamakhuzana ndi lamba nyengo youma ya mphepo amabweretsanso manambala onama mpaka thukuta litanyowetsa malayawo. Koma onani kusiyana kwake: lamba amalakwa poyamba, nthawi yotenthetsa thupi, ndipo amalakwa moonekeratu. Thukuta likabwera amakhazikika, ndipo mukamathamanga kwambiri mpamene amagwira bwino. Wotchi imalakwa pakatikati pa ntchito, ndi nambala yooneka ngati yoona.

Ndalama yobisika pa lamba ili pa nsalu yake. Kabokosi ka pulasitiki kamakhalitsa, ndipo batire lake ndi lija lokhala ngati khobidi, CR2032 kapena CR2025 malinga ndi mtundu, lomwe limatha miyezi yambiri. Koma nsaluyo imadyeka ndi mchere wa thukuta. Wanga woyamba anayamba kudukiza manambala chaka chisanathe, ndinasintha batire kawiri ndisanazindikire kuti yatha ndi nsalu. Kuipeza yokha kuno nkovuta, ndinachita kutuma m'bale wochokera ku Joni. Tsopano ndikangomaliza ndimamatula kabokosiko, chifukwa kakatsala pansalu yonyowa kamakhala koyaka nkumadya batire, kenako nsaluyo ndimaitsukuluza ndi madzi nkuiyanika pamthunzi. Pogula funsani ngati kabokosi kamamatuka, ndipo onetsetsani kuti lambayo amalankhula ndi wotchi yanu: ambiri amakono ali ndi njira ziwiri zolumikizira popanda waya, Bluetooth ndi ANT+, koma si wotchi iliyonse imalandira zonse ziwiri.

Pa kuvala bwino, wotchi yapambana, palibe mtsutso. Lamba amathina, amatha kukhula khungu pa ulendo wautali, ndipo azimayi ena a m'gulu lathu amati amalimbana ndi kamisolo. Kwa otere pali njira yapakati, kalamba kowala kovala kumtunda kwa mkono, monga Polar Verity Sense. Kamagwiritsa ntchito kuwala komweko, koma kumtundako kuli mnofu wambiri ndipo sikugwedezeka ngati padzanja, ndiye kamalondola kuposa wotchi, ngakhale kamachedwabe pang'ono poyerekeza ndi lamba wa pachifuwa.

Ngati ndalama ya lamba palibe panopa, kwezani wotchi ndi zala ziwiri kuchoka pa kafupa ka padzanja, muimange mothina kuposa masiku onse moti isaterereke mukagwedeza mkono, ndipo mutenthetse thupi mphindi 10 kapena 15 manja afunde musanayambe. Zimathandiza, koma sizithetsa. Ndipo pa maulendo afupi kwambiri, a masekondi 30, ngakhale lamba sangakutsogolereni, chifukwa mtima weniweniwo umachedwa kukwera: miyendo imamaliza ntchito iwo ukadali m'njira. Pamenepo tsatani nthawi ndi mtunda, mtima muziuyang'ana popumula pokha.

Ine ndinagawa ntchito. Kuthamanga modekha, kuyenda, ndi kuyeza mtima ndikugona, wotchi imakwana. Lachiwiri ndi Lachinayi, masiku a liwiro, lamba amakhala pachifuwa ndisanamange nsapato. Sabata yatha ndinabwereza mamita 800 aja kasanu ndi kamodzi, ndipo popumula paliponse mtima unkafika pa 130 mphindi ziwiri zisanakwane.