Njira ya Goertzel pa kachipu kakang'ono: zimene ndaona patapita miyezi

"Achimwene, kamakina koyatsira pampu pa foni kaja kadakagwirabe ntchito? Ndikufuna kupanga kangati komweko, koma sindikudziwa ngati nditsate Goertzel kapena ndingoika FFT."

Kakugwirabe, achimwene, ndipo kadutsa chilimwe chonse kakuyatsa ndi kuzimitsa pampu ya kudimba. Kwa amene sanakaone: ndi foni yakale yodziyankha yokha, waya wa zomvera m'khutu wolowa pa kachipu ka ATmega328P, ndi swichi yoyendetsa pampu. Ndikaimba n'kudina 5, pampu imayaka. Ndikadina 0, imazima. Batani lililonse limatumiza timaliwu tiwiri pamodzi, tija amati DTMF. Ta pansi tilipo tinayi, 697, 770, 852 ndi 941 Hz, ta pamwamba 1209, 1336, 1477 ndi 1633 Hz. Batani la 5 ndi 770 ndi 1336, la 0 ndi 941 ndi 1336.

Njira imene kamakinaka kamazindikirira timaliwuti anailemba Gerald Goertzel mu 1958. FFT imakuuzani mphamvu ya maliwu onse nthawi imodzi, pomwe iyi imafunsa funso limodzi lokha: kodi kaliwu aka kalimo? Mtima wake wonse ndi uwu:

```
coeff = 2*cos(2*PI*f/fs);
s = x + coeff*s1 - s2;  s2 = s1;  s1 = s;
power = s1*s1 + s2*s2 - coeff*s1*s2;
```

Apa `f` ndi kaliwu kamene mukufuna, `fs` ndi chiwerengero cha masampulo pa sekondi, ndipo `x` ndi sampulo yomwe yangolowa. Mzere woyamba umawerengedwa kamodzi basi, wachiwiri pa sampulo iliyonse, wachitatu kumapeto kwa gawo, kenako `s1` ndi `s2` zibwezedwe pa ziro gawo lina lisanayambe. Ine ndimatenga masampulo 8000 pa sekondi, 205 pa gawo lililonse, ndiye kuti yankho limabwera pa mamilisekondi 25.6 aliwonse.

Za kutchipa kwake ndinene bwino, chifukwa anthu amakokomeza. Pa kaliwu kamodzi, kuchulukitsa ndi ka 205 kokha pa gawo, pomwe FFT wamba ya mfundo 256 imachulukitsa ka masauzande. Apa palibe mpikisano. Koma kaliwu kalikonse kowonjezera kamafuna mzere wakewake, ndipo mukafika pa timaliwu 8 mwachulukitsa ka 1640, kuyandikira FFT yolembedwa mwaluso. Lamulo lapakamwa ndi loti Goertzel imapambana ngati timaliwu tofunika sitikupitirira log2 ya kutalika kwa gawo, yomwe pa 256 ndi 8. Chimene chinandikomera kwenikweni ndi malo osungira. Chipuyi ili ndi mabayiti 2048 okha, ndipo FFT ya mfundo 256 ya `float`, yosunga manambala awiri pa mfundo iliyonse, imadya 2048 onsewo. Goertzel sisunga masampulo. Iliyonse ikalowa imagwiritsidwa ntchito n'kutayidwa, n'kutsala `s1` ndi `s2` basi.

Vuto limene linanditengera nthawi linali la batani la 5. La 0 linkamveka nthawi zonse, koma 5 nthawi zina linkafuna kudina kawiri, makamaka mawu a foni akatsika. Chifukwa chake chili m'matebulo a `coeff` amene aliyense amakopera. Matebulowo amawerenga `k = N*f/fs`, pomwe `N` ndi masampulo 205 a m'gawo aja, kenako n'kuizungulitsa kukhala nambala yathunthu. Pa 941 Hz imatuluka 24.1, yoyandikana ndi 24, choncho palibe chotayika chenicheni. Pa 770 Hz imatuluka 19.73, n'kukwezedwa kukhala 20. Pa masampulo 205 sitepe imodzi ya `k` ndi pafupifupi 39 Hz, ndiye kuti pulogalamu ikumvetsera 780.5 Hz pomwe foni ikutumiza 770. Kusiyana kumeneko kumadya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a mphamvu. Ndipo kaliwu kakatsika ndi 1.5 peresenti, komwe wolandira DTMF amayenera kukalandirabe, kamafika pa 758 Hz, mphamvu yotsala n'kukhala ngati 30 peresenti yokha.

Kudziwa kuti vuto ndi limeneli n'kosavuta. Dinani mabatani onse, `power` ya kaliwu kalikonse izilembedwa pa kompyuta. Mukaona mzere wa 4, 5 ndi 6 uli pansi nthawi zonse poyerekeza ndi mizere inayo, musakayikire foni. Mankhwala ake ndi kusazungulitsa: ngati mukufuna mphamvu yokha, njirayi imalola `k` yosakwana, ndipo n'chifukwa chake pamwambapa ndalemba `f/fs` mwachindunji. Pa 770 Hz `coeff` ndi 1.6453. Ufulu woloza pa kaliwu kenikeni kotere FFT wamba sikupatsani, ndipo kwa ine ndi chifukwa chachikulu chokondera Goertzel kuposa liwiro lija.

China chachifupi koma choopsa: manambala a `s1` amakula kwambiri. Mawu akamakwera ndi kutsika ndi 500 kuchoka pakati, `s1` ya 770 Hz imafika cha m'ma 90000 kumapeto kwa gawo, pomwe `int` ya chipuyi imathera pa 32767. Chizindikiro chake n'chodabwitsa: mawu otsika amamveka bwino, okweza ndiye amasokoneza zonse. Gwiritsani `int32_t`, chepetsani manambalawo musanawerenge `power`, ndipo chotsani 512 pa sampulo iliyonse kuti ziro akhale pakati.

Tsopano chimene Goertzel sichita. Imangokupatsani nambala, kuti nambalayo ikutanthauza batani kapena ayi, mugamule nokha. Malire okhazikika, oti mphamvu ikapitirira apa ndiye batani, sadalirika. Mawu a munthu ali ndi mphamvu yambiri m'dera lomwelo la 700 mpaka 1600 Hz, choncho woimba molakwitsa nambala akamakuwa kuti halo, halo, akhoza kukuyatsirani pampu chitsime chili chouma. Izi sindizitenga mopepuka, pakuti pampu yoyenda popanda madzi imapsa.

Chimene chakhazikitsa kamakina kanga ndi kuyerekeza. Ndimasonkhanitsanso `x*x` ya masampulo onse a m'gawo, kenako ndimagawa `power` ndi zotsatirazo zochulukitsidwa ndi `N/2`. Kaliwu koyera kamodzi kamapereka pafupifupi 1. Tiwiri tofanana mphamvu timapereka theka aliyense. Mawu a munthu amamwazika, ndiye kawirikawiri palibe kaliwu kamene kamafika pamenepo. Ndimavomera batani pokhapokha tiwiri tija tikaphatikizana n'kupitirira 0.7, tina tonse tili pansi, ndipo zimenezi zichitike magawo awiri otsatizana. Malire a 0.7 ndi anga, ogwirizana ndi foni yanga. Inu muyese anu. Ubwino wake ndi woti kukweza kapena kutsitsa mawu a foni sikusinthanso chigamulo. Chiikireni zimenezi pampu sinayakepo yokha, komabe ndinawonjezera nambala yachinsinsi yodina musanafike pa 5.

Nanga inu musankhe chiti? Ngati mukudziwa kale timaliwu tanu, tili tochepa, ndipo sitisuntha, tengani Goertzel. Ngati mukufuna kumvetsera injini kapena china chimene liwu lake limayendayenda, Goertzel idzakhala ikuyang'ana pamalo amodzi liwu litasamukira kwina, ndipo FFT ndiyo yoyenera. Musanalembe china chilichonse, onetsetsani kuti masampulo akutengedwa ndi wotchi ya m'chipu pa 8000 yeniyeni, osati ndi `analogRead()` yongozungulira mu `loop()`. Liwiro likaphonya ndi 2 peresenti, 1336 Hz imaoneka itasuntha ndi pafupifupi 27 Hz, ndipo `coeff` yanu yolondola ija sidzakuthandizaninso.