Chitenje, khofi, fulasiki kapena mpunga: mnzanu wa kuntchito mum'gulire chiyani?

Tiyerekeze kuti pa mphatso zopatsana kumapeto a chaka mwatola dzina la mayi wina wa ku akaunti. Mumangopatsana nawo moni pakhomo. Kumene amapemphera simukudziwa, ngakhale zoti ali pabanja.

Ambiri amathamangira chitenje, ndipo sindikuwadzudzula, chifukwa mayi aliyense amachipezera ntchito. Vuto lake ndi loti chitenje chimayankhula. Bambo akagulira chovala mkazi wa mwini, kunyumba kukhoza kubuka funso loti "ameneyu ndi ndani wako?" Mtundu nawonso uli ndi nkhani yake: buluu ena amamuona ngati wa DPP, wachikasu ngati wa UDF. Cha mavesi kapena cha chizindikiro cha mpingo ndiye musachiyandikire n'komwe. Ngati ndinu mayi mnzawo, chitenje cha maluwa wamba chilibe mlandu. Abambo, chisiyeni.

Khofi wa ku Mzuzu kapena tiyi wa Chombe amaoneka ngati alibe chovuta, koma a Seventh Day ambiri samwa zonse ziwirizi. Botolo la Malawi Gin ndiye loopsa zedi, poti Msilamu, wa Seventh Day ndi wa Pentekosite angalilandire ndi manyazi anthu akuona. Mafuta onunkhira amachititsa munthu kudzifunsa ngati mukumunena kuti amanunkha thukuta.

Ndalama za pa Airtel Money kapena Mpamba sizilakwira chipembedzo chilichonse, koma mtengo umaonekera poyera, ndipo pa tsiku lopatsana munthu amangokhala manja lende anzake akumasula mapepala.

Zotsala ndi ziwiri. Fulasiki ndi katundu wa pa desiki, salowa m'zinsinsi za munthu. Wosamwa tiyi athiramo madzi otentha kapena phala la mwana, ndipo akakhala kuti ali nayo kale, yachiwiri ikathandiza m'mudzi. Mugule yachitsulo, chifukwa ya galasi mkati imasweka m'minibasi musanafike nayo. Mpunga wa Kilombero wa ku Karonga, thumba la makilogalamu 5, ndi mphatso ya nyumba yonse, motero mwamuna wawo sangaikayikire, ndipo udyedwa ndithu m'nyengo ya zikondwerero. Kuipa kwake n'kwakuti umalemera ponyamula, komanso kwa bwana wamkulu umaoneka ngati thandizo. Kwa mayi wa ku akauntiyu ine ndingasankhe fulasiki, mpunga n'kusungira mnzanga amene ndikudziwa kuti ali ndi ana pakhomo.

Pakhadi pamafunikanso kusamala. A Mboni za Yehova sakondwerera Khirisimasi kapena tsiku lobadwa, choncho mungolemba kuti "Zikomo chifukwa chogwira nanu ntchito bwino chaka chino." Mukaona kuti mayiwo sabwera kumaphwando a pa ofesi, funsani kaye amene amadya nawo nkhomaliro ngati angalandire mphatso ya nyengoyi.