Makala, gasi, magetsi kapena bayogasi: chotchipa n'chiti pakhomo la anthu asanu?

Kwathu ku Chilomoni tilipo anthu asanu, ndipo pakhonde pali mbaula, kukhitchini kuli silinda ya gasi, pashelefu pali hotipuleti. Makomo ena muno mu Blantyre alinso choncho. Funso lenileni ndiye si lakuti tisankhe chiti n'kutaya zinazo, koma lakuti mphika uti upite pamoto uti, ndipo mwezi ukamatha ndalama zapita kuti.

Mitengo imasintha msanga, makamaka kuchokera pomwe kwacha idagwa mu Novembala 2023, choncho mtengo womwe ndingalembe lero ungakusokeretseni mawa. Chomwe sichisintha ndi kuchuluka kwa moto womwe umafika mumphika. Kilo imodzi ya gasi imaphika chakudya chofanana ndi makilo pafupifupi 4 a makala pa mbaula yachitsulo, kapena mayunitsi pafupifupi 10 pa hotipuleti. Kusiyanaku kumabwera chifukwa chakuti gasi ali ndi moto wambiri pa kilo, komanso kutentha kwake koposa theka kumalowadi mumphika. Pa mbaula yachitsulo wamba, pa magawo asanu a kutentha limodzi lokha kapena kuposa pang'ono ndi lomwe limaphika. Kwinako kumathawira m'mbali, kwina kumatha pomwe mukudikira kuti makala akolere, ndiponso nsima ikapsa makala amangoyakabe opanda ntchito.

Sungani manambala atatuwa: 1, 4, 10. Tengani mtengo wa kilo ya gasi womwe MERA yalengeza, muugawe ndi 4, ndipo mwapeza mtengo womwe kilo ya makala siyenera kupitirira. Mtengo wa gasi womwewo muugawe ndi 10, mwapeza malire a yuniti ya magetsi. Kuti masamu aphweke, tingoyerekeza kuti gasi ali pa K4,000 pa kilo. Makala akhala otchipa pokhapokha kilo yake ikhale pansi pa K1,000, ndipo magetsi pokhapokha yuniti ikhale pansi pa K400. Mtengo wa yuniti musachite kufunsa munthu: onani ndalama yomwe mwalipira ndi mayunitsi omwe atuluka pa tokeni, mugawe.

Banja ngati lathu, lophika phala kapena tiyi m'mawa, nsima masana ndi madzulo, nyemba kawiri pa sabata, likamaphikira gasi yekha limatha makilo pafupifupi 12 pa mwezi. Amenewo ndi makilo 48 a makala, kapena mayunitsi 120. Pa mtengo woyerekeza uja, gasi atenga K48,000. Yuniti itakhala pa K150, magetsi atenga K18,000. Ngati mtengo wa pa tokeni yanu uli kutali pansi pa malire aja, ndiye kuti magetsi ndiwo otchipa kuposa onse, ngakhale ambiri timawaopa poona manambala a pa mita akutsika.

Makala ndiwo amanamiza kwambiri, chifukwa sitiwagula pa sikelo. Thumba lomwe timati la 50 ndi thumba la chimanga chabe. Makala ndi opepuka, ndipo kulemera kwake kumadalira mtengo womwe adawotcha ndi mutu womwe asokerera pamwamba. Tsiku lina ndidagula thumba kwa wa njinga yemwe adandilumbirira kuti ndi a tsanya okhaokha. Pamwamba analidi akuluakulu, olira ngati chitsulo ukawagogoda. Nditafika pakati ndidapeza zinyenyeswazi, pansi penipeni fumbi losakanizika ndi dothi lodzaza beseni. Kuyambira pamenepo ndimabwereka sikelo ya mnzanga wogulitsa chimanga, ndipo ndimachotsera fumbilo powerengera.

Amene amapwetekeka kwambiri ndi wogula timajumbo tsiku ndi tsiku. Kajumbo ka K1,000 kakalemera magalamu 800, ndiye kuti kilo mukuigula K1,250, ndipo makilo 48 aja akwana K60,000, kuposa gasi. Sindikunena izi monyoza, chifukwa ndidakhalapo pa timajumbo zaka zambiri. Munthu wa geni amapeza ndalama ya tsiku, ndipo K1,000 madzulo aliwonse imapezeka pomwe ndalama yogulira silinda, reguleta, paipi ndi chitofu pakamodzi siipezeka. Makala amagulika pang'onopang'ono, n'chifukwa chake sachoka pakhomo. Ngati mukhalabe pa makala, mbaula yomatidwa dongo mkati imasunga kutentha kuposa yachitsulo chokhachokha, ndipo makala otsala mukawazimitsa powavundikira mumphika wakale, mawa muyatsanso omwewo.

Mtengo wa makala sungabwerere pansi. Mapiri a Ndirande ndi Soche adatha kale mitengo, ndipo matumba tsopano amachokera kutali, ku Neno ndi Mwanza, kudzera msewu wa Zalewa. Lamulo la nkhalango lidakhwimitsidwa mu 2020, ndipo kuwotcha, kunyamula kapena kugulitsa makala opanda chilolezo ndi mlandu. Ulendo wautaliwo ndi chiopsezo cholandidwa katundu, zonsezo zimalowa mumtengo womwe timalipira ife. Mvula ikayamba mtengo umakweranso, makalawo n'kubwera onyowa.

Pa nkhani ya kufewa kwa ntchito, gasi alibe mnzake. Mwana akuchedwa kusukulu, madzi a tiyi awira iye asanamalize kuvala nsapato, pomwe mbaula ikadali kufuka. Koma nyemba pa gasi ndi kuwotcha ndalama. Nyemba zouma zimafuna maola awiri kapena atatu, ndipo apa makala amaoneka abwino chifukwa umangotereka n'kumachita zina. Chomwe chidasintha zinthu kwathu ndi poto wamagetsi wophika ndi nthunzi, puresha kuka. Nyemba zomwe zagona m'madzi usiku zimapsa ola lisanakwane, ndipo mita imatsika ndi theka la yuniti kapena kuposa pang'ono, pomwe hotipuleti ikadadya mayunitsi awiri kapena kuposa. Potoyo akafika pa kutentha kwake amadzizimitsa yekha n'kumangoyaka mwa apo ndi apo. Nsima simungaphikiremo, koma nyemba, nandolo, nyama yolimba ndi mpunga ndi kwawo.

Nsima nayo ili ndi zake. Tisilinda ting'onoting'ono tokhala ndi chitofu pamutu timagwedera mukamavundula, ndipo mphika wa anthu asanu umafuna wina akugwirireni. Chitofu cha patebulo cholumikiza ndi paipi chimakhazikika bwino. Hotipuleti imachedwa kutentha komanso kuzizira, ndiye zimitsani mukamathira ufa womaliza, nsima ipsa ndi kutentha kotsalako.

Vuto la magetsi tonse timalidziwa. Ambiri mwa magetsi athu amachokera pa mtsinje umodzi wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, ndipo namondwe Ana atawononga Kapichira mu Januwale 2022, dziko lidataya pafupifupi mamegawati 130 kwa nthawi yoposa chaka. Ndani angaiwale phala lomwe lidatsala pakati magetsi atazima? Palinso vuto la nyumba za lendi zogawana mita imodzi, komwe hotipuleti imayambitsa mkangano kapena eni nyumba amailetseratu. Ndipo hotipuleti ya mbale ziwiri imakoka mawati 2,000 kapena kuposa, choncho musailumikize pa ekisitenshoni yopyapyala. Pulagi ikamatentha mukaigwira, kapena soketi ikayamba kuda m'mbali ndi kununkha pulasitiki, lekani mpaka wodziwa za magetsi aone.

Gasi naye amasowa nthawi zina ndalama zakunja zikavuta, popeza amachokera kunja, ndipo amatha mosachenjeza. Pa silinda pamadindidwa kulemera kwake ikakhala yopanda kanthu; ikani pa sikelo, chotserani nambalayo, mudziwa gasi wotsala, komanso mudziwa ngati pothira adakuthirirani wokwanira. Ambiri amaopa kuti iphulika, koma ngozi zambiri zimayambira pa paipi yong'aluka kapena reguleta yosakhala bwino. Pakani thovu la sopo polumikizira ponse. Pakatuluka timabaluni, pakudontha. Gasiyu ndi wolemera kuposa mpweya, amatsikira pansi, ndiye mukamva fungo tsekani pa silinda, tsegulani chitseko, musayatse machesi kapena kukhudza swichi. Moto wabwino ndi wobiriwira ngati thambo. Ukakhala wachikasu n'kumadetsa mphika, timabowo ta chitofu tatsekeka.

Tsopano utsi. Anthu amati makala alibe utsi poyerekeza ndi nkhuni, ndipo m'maso ndi zoona akakolera. Koma amatulutsa mpweya wa poizoni wotchedwa kaboni monokisaidi, wosaoneka komanso wosanunkha, womwe umalanda malo a mpweya wabwino m'magazi. Mu Juni ndi Julayi, chiperoni chikagwa, timalowetsa mbaula m'nyumba n'kutseka mazenera kuti ana afundidwe. Zizindikiro zake ndi mutu, chizungulire, nseru ndi kufooka, ndipo n'zosavuta kuganiza kuti ndi malungo. Chokuuzani ndi chakuti anthu angapo m'nyumba imodzi adwala nthawi imodzi, ndipo akatuluka panja akupezako bwino. Zikatero tulutsani aliyense, ndipo amene wasokonezeka mutu kapena kukomoka athamangire naye kuchipatala. Wogona samva chilichonse, n'chifukwa chake mbaula siyenera kugona m'nyumba ngakhale makala aoneke ngati azima. Kuyatsira jumbo nakonso tisiye: utsi wakuda uja umalowa mwa amene wawerama kukupiza, nthawi zambiri mwana, kapena mayi yemwe wabereka khanda kumbuyo.

Gasi ndi bayogasi alibe mwaye, ngakhale zenera liyenera kutsegulidwabe pophika. Magetsi satulutsa kanthu m'khitchini. Koma kugula chitofu choyera n'kumayatsabe mbaula pafupi ndi ana sikukwanira. Kafukufuku wa ana oposa 10,000 ku Chikwawa ndi Karonga, yemwe zotsatira zake zidatuluka mu 2016, adapeza kuti kupereka mbaula za nkhuni zochepetsa utsi sikudachepetse chibayo mwa ana osakwana zaka zisanu. Ine ndimatengapo chakuti mwana azikhala kutali ndi moto uliwonse wofuka, kaya mbaula ndi yamtundu wanji.

Bayogasi ndamuika kumapeto chifukwa si wa aliyense. Ndowe zosakaniza ndi madzi zimawola m'thanki yotsekedwa n'kutulutsa mpweya woyaka. Kuti mulowe m'malo mwa makilo 12 a gasi aja, mufunika ndowe zaziwisi pafupifupi makilo 25 tsiku lililonse, ndi madzi ochuluka chimodzimodzi. Zimenezo ndi ng'ombe ziwiri kapena zitatu zogona m'khola. Makoko a nthochi ndi nsima yotsala ya banja limodzi zingakupatseni moto wa tiyi basi. Kwa woweta ng'ombe zamkaka kapena nkhumba ku Mpemba, Chileka kapena Lunzu, ndalama imapita pomanga, kenaka pamwezi salipira kanthu, ndipo zotuluka m'thankimo ndi manyowa a kudimba. Moto suyamba tsiku lomwelo, pamadutsa masabata angapo. Nyengo yozizira mpweya umachepa, madzi a sopo kapena mankhwala akalowamo tizilombo towoletsa timafa, ndipo moto ukamaphethira ndiye kuti m'paipi mwadikha madzi ofunika kukhetsa. Kwa wa lendi ku Ndirande kapena Mbayani, wopanda bwalo ndiponso wogula madzi pa kiyosiki, njirayi kulibe.

Kwathu tidagawa chonchi: nyemba ndi nyama mu puresha kuka magetsi akakhalapo, nthawi zina usiku kukonzekera mawa, nsima pa hotipuleti, ndipo akazima pa gasi, tiyi ndi zokazinga pa gasi. Silinda ya makilo 9 imatikwanira pafupifupi miyezi iwiri, ndipo thumba la makala limakhala pakhonde kudikira tsiku lomwe gasi watha magetsi atazima, kapena lomwe ana apempha chimanga chootcha.