Monita ya 144Hz: yabwino, koma musangoilumikiza n'kuyamba kusewera

Monitayi ndinagula pashopu ina ku Kamwala miyezi itatu yapitayo, ya mainchesi 24, chifukwa cha gemu yowomberana ya Counter-Strike 2. Sabata yoyamba ndinatsala pang'ono kuibweza. Ndikasuntha mausi, mfuti inkabwera mochedwa ngati ndikuikoka m'matope.

Vuto loyamba silinali la monita. Kompyuta inali idakali pa 60Hz, ndipo ndinachita kusintha ndekha kufika pa 144Hz pa Advanced display ya mu Windows. Kusiyana kwake n'koonekeratu: pa 60Hz chithunzi chatsopano chimabwera pakatha mamilisekondi 16.7, pomwe pa 144Hz ndi 6.9 basi.

Komabe dzanja linkamvabe kulemera, makamaka wina akaponya bomba la utsi. Mnzanga wa ku Chilenje atabwera kunyumba, anangoyang'ana manambala pakona ya sikirini n'kunena kuti, "Aise, khadi lako likugwira pa 99 peresenti, ndiye vuto limenelo." Khadi langa la magirafiki, lomwe limajambula zithunzi za gemu, ndi GTX 1660 Super. Likalemedwa chonchi, purosesa imapitiriza kukonza mafuremu amene amangoima pamzere kudikira khadilo. Ndiye zimene ukuona pasikirini zinakonzedwa dzanja lisanafike pomwe lili tsopano. Nambala ya mafuremu imaoneka yokongola, koma kuwombera kumachedwa.

Tinayatsa NVIDIA Reflex Low Latency pa Enabled, yomwe ntchito yake ndi kuchotsa mzere umenewo. Tinayatsanso G-Sync, yomwe imachititsa monita kutsatira liwiro la khadi, tinazimitsa V-Sync ya mugemu, yomwe imachititsa khadi kudikira monita, kenako ndinalemba izi mukonsolo:

```
fps_max 141
```

Chifukwa cha 141 n'chakuti G-Sync imagwira ntchito mafuremu akakhala pansi pa 144. Akapitirira, chithunzi chimang'ambika pakati, kapena ngati V-Sync ili yoyatsa, kuchedwa kuja kumabwerera. Pa mamapu olemera khadi langa silikwanitsa 141 nthawi zonse, choncho ndinatsitsa kufika pa 120. Khadi linapeza mpata wopuma, ndipo mausi inayamba kumvera mofanana kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Kwa ine 120 yokhazikika yaposa 160 yodumphadumpha.

Zimene sizinandisangalatse ndi ziwiri. M'bokosi munali chingwe cha HDMI chokha, pomwe G-Sync pamonitayi inayamba kugwira nditagula cha DisplayPort padera. Chachiwiri ndi Overdrive ya pamonita, yofulumizitsa kusintha kwa chithunzi: mukaikweza mpaka kumapeto, mdani akamathamanga amasiya kamthunzi koyera kumbuyo kwake. Yapakati ndiye ili bwino.

Ndinene poyera kwa anzanga a muno mu Lusaka: monitayi siichepetsa pingi. Timasewera pa maseva a ku Johannesburg, ndipo intaneti ikavuta madzulo mudzafabe mutabisala kale kuseri kwa khoma. Kumeneko ndi kuchedwa kwa netiweki. Koma ngati mausi ikulemera ngakhale mukusewera nokha ndi maboti, vuto lili pa tebulo panu pomwepo, ndipo limeneli monitayi pamodzi ndi zimene tinasintha zija zandithetsera. Ndikuipatsa nyenyezi zinayi mwa zisanu. Imodzi ndachotsa chifukwa cha chingwe chija.