Milomo kutsogolo, mawu kumbuyo: HandBrake, Shutter Encoder kapena ffmpeg?

Ndinajambula kwaya ya kumpingo kwathu pa foni madzulo ena, mawu ndikutengera pa mikisa. Pokonza, ndinalunzanitsa zonse pa kuwomba m'manja kwa wotsogolera, zinagwirana bwinobwino. Koma pofika mphindi ya 10, milomo inali itatsekeka kale mawu akadali m'njira.

Vuto lake ndi ili. Foni sijambula nambala yofanana ya mafulemu, zithunzi zondondozana zimene zimapanga vidiyo, sekondi iliyonse. Kukayamba kuda imachepetsa mafulemu kuti kuwala kulowe kokwanira, ndipo ikatentha imatayako ena. Fulemu iliyonse imalembedwa nthawi yake, n'chifukwa chake pa foni vidiyoyo imasewera bwino. Pulogalamu yokonzera ndiyo imasokonezeka ikangoganiza kuti mafulemu ndi 30 sekondi iliyonse, pamene mawu akuyenda pa liwiro limodzi losasintha.

Vidiyo yanga ija inali ndi mafulemu pafupifupi 29.7 pa sekondi. Mphindi 10 ndi masekondi 600, kutanthauza mafulemu 17,820. Mukawayala 30 pa sekondi amatha pa masekondi 594. Masekondi 6 otsalawo ndi amene milomo inatsogola nawo. Ndipo sasowa mofanana: koyambirira kunali kowala, kutsetsereka kwambiri kunabwera dzuwa litalowa. Choncho kukoka mawu kuti atalike mofanana ndi chithunzi sikuthandiza. Mumakonza kumapeto, pakati n'kuwonongeka.

Musanavutike, tsegulani fayiloyo mu MediaInfo, pulogalamu yosonyeza tsatanetsatane wa fayilo ya vidiyo. Mukaona `Frame rate mode: Variable`, ndipo `Minimum frame rate` ndi `Maximum frame rate` zikutalikirana, mwampeza mwini mlandu.

Mankhwala ndi amodzi: kuipanganso vidiyoyo kuti fulemu ibwerezedwe pamene panaperewera ndi kuchotsedwa pamene panachuluka, utali wake osasintha. Mapulogalamu atatuwa ndi aulere, onse amatha, koma aliyense ali ndi msampha wake.

HandBrake ndi yosavuta kuyamba nayo. Pa `Video` sankhani 30 pa `Framerate (FPS)`, kenako dinani `Constant Framerate`. Apa ndi pamene ambiri amagwa: `Fast 1080p30`, yomwe imakhala yosankhidwa kale, imabwera ndi `Peak Framerate`, imene imangoika malire a pamwamba, vidiyo n'kutuluka ili ndi matenda omwe aja. Imachepetsanso vidiyo ya 4K kufika pa 1080p osakufunsani. RF, nambala yoyang'anira ubwino wa chithunzi, muiike pa 18 kuti chithunzi chisafooke.

Shutter Encoder ndimaifuna kompyuta ikakhala yokalamba. Imatulutsa ProRes kapena DNxHR, mitundu imene imayenda mosadodoma pokonza chifukwa fulemu iliyonse imasungidwa yathunthu. Koma imadya malo kwabasi: ProRes 422 ya 1080p pa mafulemu 30 imatenga pafupifupi 1 GB pa mphindi imodzi. Chikwati cha maola awiri, disiki yanu yalira.

Ine mtima wanga uli pa ffmpeg, ngakhale kawindo kake kakuda kamaopsa poyamba. Kwaya ija ndinaichiza ndi mzere umodzi:

```
ffmpeg -i kwaya.mp4 -vf fps=30 -c:v libx264 -crf 18 -c:a copy kwaya_cfr.mp4
```

`fps=30` imatsatira nthawi yolembedwa pa fulemu iliyonse n'kudzaza mipata, mafulemu 17,820 aja n'kukhala 18,000. `-c:a copy` imasiya mawu momwe alili. Ubwino wina, mafayilo akakhala 40 mumalemba lamulo lowazungulira onse n'kupita kukadya nsima. Chenjerani ndi ziwiri. Mukalemba `-c:v copy` palibe chimene mwasintha, mwangoisamutsira m'thumba lina. Mukaika `-r 30` kumanzere kwa `-i`, ffmpeg imataya nthawi zenizeni zija n'kuyala mafulemu mondondozana, ndiye kuti vuto mwalikhomera ndi misomali.

Ena amati bwanji osangoiponya mu Premiere Pro, poti ili ndi `Preserve Audio Sync`? Pa kavidiyo ka mphindi imodzi kokhala ndi mawu ake a mufoni, inde, musataye nthawi. Koma pakakhala mafoni awiri kapena mawu a pa mikisa, ine ndimasintha kaye ndisanadule kalikonse, chifukwa kusintha fayilo mutadula kale kumasuntha malo onse amene munadula.

Nambala ya mafulemu pa sekondi isankheni mofanana ndi pulojekiti yanu. Ngati munajambula pa 30, musaitsitsire ku 25 popanda chifukwa: fulemu imodzi mwa 6 zilizonse imatayidwa, ndipo kamera ikamatembenuka chithunzi chimanjenjemera.

Mukasintha, yang'ananinso mu MediaInfo ngati palembedwa `Constant`. Mawu a pa mikisa akamatsetserekabe pang'onopang'ono, mofanana kuyambira koyamba mpaka kumapeto, limenelo ndi vuto lina: mawotchi a m'kati mwa foni ndi chojambulira mawu sagwirizana ndendende. Apa ndiye kukoka mawu pang'ono kumagwira ntchito.

Kwa a iPhone, `Auto FPS` ili pa `Settings > Camera > Record Video`. Ithimitseni musanapite kokajambula madzulo. Siithetseratu kusinthasinthaku, koma foni imasiya kudzitsitsira yokha ku 24 kukada.