Musapatse dokotala watsopano mulu wa mapepala

Abale amene muli kwathu, mukamatumiza wodwala kuno kapena mukamatitumizira zithunzi za mapepala ake a kuchipatala, dziwani kuti dokotala amene akumuona koyamba nthawi zambiri amakhala ndi mphindi 10 kapena 15 zokha. Mulu wa mapepala a zaka khumi ndi zisanu sangauwerenge. Chimene amawerenga ndi tsamba limodzi londandalika zochitika motsata nthawi.

Yambani poyala mapepala onse, kuyambira akale kufika atsopano. Pamwamba pa tsamba lembani dzina la wodwala, tsiku lobadwa, mankhwala amene amamuwenga, ndi amene akumwa panopa pamodzi ndi mlingo wake. Pansi pake chochitika chilichonse chikhale ndi mzere wake wonena tsiku, chimene chinapezeka kapena kuchitika, ndi zotsatira zake. Mwezi muulembe m'mawu, chifukwa 03/04/2017 ena amawerenga 3 Epulo pomwe ku America amawerenga 4 Malichi. Ngati tsiku silikudziwika, lembani "cha m'ma 2011", osapeka.

Tiyerekeze mayi wa zaka 58 amene mbiri yake yalembedwa chonchi: 2009 kuthamanga kwa magazi, 2014 shuga, 2017 opaleshoni, 2017 warfarin. Zonsezi n'zoona, koma dokotala angokanda mutu.

Mzere wa warfarin ndi umene ungamuvutitse kwambiri. Awa ndi mankhwala oletsa magazi kuundana, ndipo pali odwala ena amene amamwa moyo wawo wonse. Ndiye mayiwa anasiya okha kapena anauzidwa? Yankho likupezeka mukalemba miyezi. Meyi 2017, anachotsedwa chiberekero chifukwa cha zotupa zosakhala khansa. Juni 2017, patangotha milungu itatu, mwendo wakumanzere unatupa ndipo sikani inaonetsa magazi oundana mu mtsempha. Anamwa warfarin miyezi itatu, adokotala n'kuwasiyitsa mu Seputembala, ndipo vutolo silinabwererenso. Mizere iwiriyi ikagundizana, dokotala amaona yekha kuti kuundanako kunabwera chifukwa cha opaleshoni, ndipo kuundana kotereku kawirikawiri chithandizo chake chimakhala cha miyezi itatu basi. Amadziwanso kuti mayiwa akadzafunika opaleshoni ina, ayenera kuwateteza pasadakhale.

Pa opaleshoniyo musangoti "anachotsa chiberekero". Fufuzani pa lipoti la opaleshoni kapena pa kalata yotulukira m'chipatala ngati khomo la chiberekero linachotsedwa limodzi. Ngati linatsala, mayiwa ayenera kupitiriza kuyezetsa khansa ya khomo la chiberekero. Lembaninso zimene ku labu anapeza atayeza chotupacho. Pepala limeneli ndi limene limasowa kawirikawiri, popeza limatuluka wodwala atapita kale kunyumba, aliyense ali ndi mtima woti zatha.

Mankhwala amene anasiyidwa muwalembe ndi chifukwa chake. Ngati mu 2011 mayiwa anasiya enalapril, mankhwala a kuthamanga kwa magazi, chifukwa cha chifuwa chouma chosatha n'kuyamba losartan, nenani choncho. Mukangokhala chete, dokotala watsopano atha kuwapatsa lisinopril, amene ndi a gulu lomwelo, chifuwa chija n'kubwereranso. Chimodzimodzi kuwenga: "penicillin amawawenga" sizokwanira. Kodi anangotsegula m'mimba, anatuluka zidzolo, kapena anatupa milomo n'kubanika? Kutsegula m'mimba si kuwenga kwenikweni, pomwe kubanika kutha kupha. Dzina la mankhwala mukopere lomwe lili m'malemba ang'onoang'ono pa paketi, osati la kampani, chifukwa la kampanilo limasintha dziko ndi dziko.

Za magazi musakopere zonse ayi. Sankhani zoonetsa kumene matenda akulowera. Ngati eGFR, nambala yoonetsa mphamvu ya impso, inali 62 mu 2019, 51 mu 2021 ndi 42 mu 2023, manambala atatuwa akunena zambiri kuposa mapepala makumi awiri. Ikatsika pansi pa 45 dokotala amaganiziranso mlingo wa metformin, mankhwala a shuga, ndipo pansi pa 30 amasiyitsa. Nambala iliyonse ikhale ndi muyeso wake, chifukwa shuga wa 7 mmol/L ndi yemweyo amene kwina amalemba 126 mg/dL.

Zimene wodwala akungokumbukira popanda pepala, zilembeni ndithu koma ikani mawu oti "malinga ndi wodwala". Mapepala awiri akatsutsana, monga lina likuti mwendo wamanzere lina wamanja, lembani zonse ziwiri ndi kumene zachokera, musaweruze nokha. Kenako mapepala oyambirira aja muwapatse manambala, ndipo kumapeto kwa mzere uliwonse lembani nambala ya pepala lake, kuti dokotala akafuna kuona lipoti la opaleshoni ya 2017 angotsegula pepala 6.